Disiki Yodzaza Siigogoda

Mpaka lero alamu anga amauza anthu kuti ine ndinawaphera kompyuta. Amainena nkhaniyi pa maukwati, amainena ngakhale pa maliro anthu akakhala chete, ndipo chaka chilichonse imanka ikukoma. Sindiwatsutsa pagulu chifukwa ndi amuna a akulu anga, komanso tsitsi lawo layera. Koma pepala lilibe mlamu, choncho pano ndinena mmene zinayendera.

Chinali chaka cha 1997, mwezi wa Okutobala, nthawi imene ku Livingstone phula limafewa masana. Ndinkagwira ntchito yotayipa mu kaofesi ka alamu angawo, kachipinda kamodzi kuseri kwa sitolo ina pa msewu wa Mosi-oa-Tunya. Tinkatayipira anthu makalata. Ambiri anali ofuna ntchito m'maloji a ku Nakatindi, ena ofunsira malo, ena odandaula za madzi. M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi ku Dambwa, ndikafika ndinkachotsa nsalu pa kompyuta, ndipo alamu ankafika mochedwa kudzandiuza kuti ndachedwa.

Kompyutayo anaigula kwa azungu ena amene ankatseka ofesi yawo. Linali bokosi loyera limene linali litayamba chikasu, ndipo kutsogolo kwake kunali kaloko kakang'ono ka kiyi wozungulira. Ukakhoma pamenepo makina ankapitiriza kuyaka, koma kiyibodi inkafa, olo uimenye bwanji. Kiyiyo ankangokhala pomwepo chilendewere, palibe ankamuganizira. Inabweranso ndi buku lalikulu la Chingelezi lofotokoza malamulo ake. Alamu analisandutsa chotsamira cha fani. Ine masiku opanda makasitomala ndinkalisolola n'kumawerenga, osati chifukwa cha nzeru ayi, koma chifukwa munalibe china chowerenga.

Mkati mwa bokosilo munali disiki, chitsulo chimene chimasunga zonse zimene mwalemba ngakhale magetsi atazima. Ndipo pa disikiyo panali chinthu chimodzi chimene sichinali cha alamu, sichinali changa, ndipo kwina kulikonse kunalibe. Anali mayina a akufa athu.

Ife a kum'mawa amene tinakhazikika ku Livingstone timaikidwa komweko. Kunyamula maliro mpaka ku Petauke kapena ku Katete ndi za anthu olemera. Ndiye timaika m'manda a m'tauni, timazika mtanda wa thabwa, chiswe chimaudya mvula ziwiri zisanathe. Kachitsulo kolembapo dzina kamachita dzimbiri. Pakapita zaka zisanu, mitumbira yonse imafanana. Abale akadzapeza mphamvu zoika mwala, amafika kumanda n'kumangozungulira.

Ku mpingo kwathu kunali bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo, amene anapuma ntchito ya njanji. Tonse tinkangowatchula kuti atate. Iwowa kuyambira kale ankalemba munthu wathu aliyense woikidwa m'manda amenewo: dzina, mudzi, tsiku, ndi malo. Malowo ankawawerenga mwanjira yawoyawo, kuyambira pa mtengo wa mlambe umene uli pafupi ndi chipata, mzere wakuti, manda akuti kuchokera kunjira. Anadzaza makope asanu ndi limodzi. Mvula ina denga lawo linadontha pamwamba penipeni pa katoni ya makopewo, inki n'kuyamba kuyenda, masamba n'kumatana. Anabwera nawo ku ofesi atawakulunga m'thumba la shuga, ndipo kwa miyezi inayi, nthawi ya nkhomaliro, iwo ankamatula tsamba ndi mpeni n'kumawerenga mokweza, ine ndikutayipa. Chaka chilichonse ndinachipatsa fayilo yakeyake.

Titamaliza atate anasangalala ngati mwana. Makope aja anali atayamba kununkha nkhungu, ndiye anauza amayi a kunyumba kwawo kuti ayatsire mbaula, poti zonse zalowa m'makina ndipo makina sadontha. Ndinamva nkhaniyi phulusa litazizira kale. Sindinasindikize pa pepala chifukwa atate ankafuna kaye kukonza mayina ena a midzi, komanso alamu ankayang'ana pepala lililonse ngati lagolide. Ndinakopera pa disiketi imodzi, tija tapulasitiki tolowetsa kutsogolo. Alamu anaipeza m'dirowa, anafufuta zimene zinalimo, anaikapo kalata ya kasitomala n'kumupatsa. Ndinakalipa tsiku lonse, ndinalumbira kuti ndigula ina, ndipo sindinagule. Cholakwa chimenechi ndi changa, sindichikankhira kwa munthu.

Tsopano muyenera kudziwa za chaka cham'mbuyo mwake, chifukwa ndi chimene chinawapusitsa alamu. Nthawi imeneyo kompyuta inayamba kukana kusunga makalata atsopano. Ukati isunge, inkalemba kuti disiki yadzaza. Alamu anaitana mnzawo wina wogwira ntchito ku banki, bambo wovala tayi ngakhale dzuwa likuswa mtengo, amene iwo ankamutcha ba enjiniya. Bamboyo anafufuta magemu amene azungu aja anasiya ndi makalata akale, kenako anayendetsa pulogalamu imene ankaitcha difuragi, yosanja zidutswa za mafayilo kuti zikhale pamodzi. Pa sikirini panadzaza timabokosi tikusuntha uku ndi uku kwa maola awiri, alamu ataima kumbuyo manja m'chiuno ngati akuonera mpira. Kompyuta inachira, ndipo ndikuvomera kuti tsiku limenelo ba enjiniya anachita zoyenera. Koma kuyambira pamenepo kuyeretsa kunasanduka mankhwala a matenda onse. Pirinta ikatafuna pepala, alamu ankati makina akufuna kuyeretsa.

Ine ndinatolapo china. Nthawi yonse imene disiki inali yodzaza, sinakanepo kundipatsa kalata yakale. Inkakana zatsopano zokha, ndipo inkakana mwakachetechete, ndi mawu a pa sikirini basi. Phokoso lake linali lomwe lija la masiku onse, kulira kosalala kwa chinthu chozungulira.

Mu Okutobala uja ndinayamba kumva phokoso lina. Ndikatsegula makalata ena akale, mkati munkamveka ko, ko, ko, pang'onopang'ono, ngati munthu akugogoda chitseko cha nyumba ya eni mwamanyazi. Kanyali kofiira kankayaka osaphethira, zonse zinkaima, kenako kalata inkatseguka ngati palibe chachitika. Ndinamva zimenezi kwa milungu iwiri. Ndinkadziuza kuti ndi kutentha, ndinkatembenuzira fani ku bokosilo, n'kupitiriza kutayipa.

Lachinayi lina, cha m'ma leveni, atate analowa ndi ndodo yawo ndi kalata m'manja. Inachokera ku Petauke. Mayi wina wokalamba ankabwera pa basi mawa lake ndi abale ake, kudzaika mwala pa manda a mwana wake Loweruka. Mwanayo anamwalira mu 1989 akugwira ntchito m'tauni muno, ndipo mayiyo sanathe kubwera pa maliro. Zaka zisanu ndi zitatu anali akusonkhanitsa za mwalawo, osadziwa ngakhale mbali ya manda imene mwana wake anagona.

"Mwana wanga," anatero atate, "tandionere m'makinamo, ndikawalandire ndili ndi yankho."

Ndinasankha fayilo ya chaka chimenecho. Ko, ko, ko. Kanyali kanayaka. Ko, ko, ko. Tinadikira, atate akumwetulira poti iwo ankaganiza kuti ndi mmene makina amaganizira. Kenako pa sikirini panabwera mawu akuti yalephera kuwerenga disiki.

Alamu anali kumbuyo kwanga, akudikira kuti ndiwatayipire kalata yawo yofunsira ntchito yosindikiza mafomu a loji ina, imene inkafunika tsiku lomwelo. Anasuzumira pa sikirini, sanawerenge n'komwe.

"Yazula futi iyi," anatero, kutanthauza kuti yadzazanso. "Ni fulu chabe. Leka niitane ba enjiniya bachite kilini pa lanchi." Kiliniyo ndiye kuyeretsa kuja.

"Ba mulamu, iyi siinazule. Idwala."

"Iwe unankhala dokota liti?"

Anatuluka kukaimba foni ku sitolo ya kutsogolo. Ine ndinatseka pulogalamu yolembera, ndinatsala pa sikirini yakuda ija yolembapo malamulo, ndipo sindinakhudzenso kanthu. Ndinafufuza m'madirowa onse kufuna disiketi. Munalibe ngakhale imodzi. Ndinapempha alamu kuti ndithamange ku sitolo ya mabuku ndikagule, iwo anati ndiyambe ndatayipa kalata yawo pa tayipi yakale ya manja, kuti ikhale yokonzeka ngati makina achedwa. Kalatayo inali ya masamba anayi, ndipo anaisintha kawiri. Pamene ndinkaimaliza, wani koloko inali itakwana, masitolo atatseka kuti anthu akadye, ndipo ba enjiniya anali pakhomo akupukuta khosi ndi mpango.

Anapereka moni kwa atate, kwa ine anangogwedeza mutu, n'kukoka mpando wanga.

"Sisi, nili na awala imodzi chabe. Tizachosa vakudala, tichite difuragi, yasila."

Sindinachoke. Ndinawauza kuti ndisanawapatse mpando, aone kaye zinthu ziwiri. Choyamba ndinalemba lamulo loonetsa mndandanda wa mafayilo, limene kumapeto kwake limanena malo otsala pa disiki. Malo analipo. Sanali ochuluka, ndipo apa ndi pamene alamu anakuwa kuti mwaona, yatsala pang'ono kudzaza. Koma anali okwanira makalata mazana angapo, pamene kalata imodzi ndi kanthu kochepa. Disiki yokhala ndi malo otero siingakane ntchito chifukwa chodzaza.

Chachiwiri ndinachitenga m'buku la fani lija. Muli lamulo lokopera fayilo osaiika paliponse. Makina amangoiwerenga kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osalemba kanthu, choncho safuna malo ngakhale pang'ono. Disiki yodzaza mpaka pakhosi imachita zimenezi mosavuta. Sindinayese pa fayilo ya akufa, ndinkaopa kuikanda pabala. Ndinasankha kalata ina yakale imene inandigogodera sabata yathayo. Ko, ko, ko. Tonse anayi tinamva, poti fani ndinali nditaizimitsa dala. Kenako mawu aja anabwera: yalephera kuwerenga pa C, ndiye kuti disiki yamkati, ndipo inafunsa ngati ndikufuna kusiya kapena kuyesanso.

"Mwaona?" ndinatero. "Yozula imakana vamene muipasa. Iyi ikana kubweza vamene inatenga kudala. Na yozula siigogoda, ba enjiniya. Chaka chatha munamvelako kugogoda?"

Bamboyo sanali chitsiru, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti wamva. Koma anali atavala tayi, alamu anali pomwepo, ndipo womuphunzitsayo anali mkazi wotayipa wa ku Dambwa.

"Ni ma badi sekita ang'ono chabe," anatero. "Tizachita sikani, izamakinga pamene paonongeka, elo difuragi izachosa vinthu pa malo oipa. Ndiye nchito yake."

Apa ndi pamene magazi anandikwera. Sikani imene ankanenayo imayenda pa disiki yonse, kachigawo ndi kachigawo, ndipo ikafika povuta imakakamira pomwepo kubwerezabwereza. Difuragi imanyamula pafupifupi fayilo iliyonse kuichotsa apa kukailemba apo, kwa maola. Pa disiki yabwino palibe vuto. Pa disiki imene ikufa, ndi ngati kumuuza wodwala kuti asamutse katundu wa nyumba yonse kuti apeze mpweya. Ikafera pakati pa ntchito, zimene zinali zabwino zimapita limodzi ndi zoipa. Ngakhale kufufuta kumene ndi kulemba pa disiki, pa mndandanda womwewo umene umasonyeza pamene fayilo iliyonse ili. Ndinawauza zonsezi, osati mwadongosolo ngati pano, koma mokuwa, mawu akuphonyana.

"Sinikana kilini," ndinamaliza. "Nikamba ati tikope first. Shopu izasegula fotini awazi. Lindilani chabe."

"Fotini awazi ine nili ku banki," anatero ba enjiniya, akuyang'ana wotchi, poti thu koloko ndiyo inali nthawi yawo yobwerera ku ntchito.

"Ndiye mubwele mailo," ndinatero, ndiye kuti mawa lake.

Alamu anamenya tebulo. "Iwe! Ofesi ni yanga, mashini ni yanga. Ni manda yamene yatidyesa muno? Choka pa mupando!"

Atate anaweramitsa mutu atamva mawu amenewo. Ine ndinaimirira, ndipo alamu anaganiza kuti apambana. Ndinawerama ngati ndikutola chikwama, ndinapotoza kakiyi kaja, ndinakasolola, n'kukamanga pa mfundo ya chitenje changa, pamene amayi athu amamanga ndalama ya chigayo. Ndinamanga kawiri iwo akuona.

Ba enjiniya anakhala pansi n'kudina kiyibodi. Palibe chinachitika. Anadinanso mwamphamvu. Ndinganame nditanena kuti sindinamve kukoma.

"Leta kiyi," anatero alamu, mawu atatsika.

"Awe."

"Nizakuchosa nchito."

"Chosani. Bati kiyi muzaitenga fotini awazi ikapita, olo mubwele muimasule mweka pa chitenge cha mulamu wanu, atate baone."

Anayang'ana mfundoyo, anayang'ana atate, ndipo manja anawabweza m'matumba. Mwamuna wa akulu ako akhoza kukunyoza mmene angafunire, koma chitenje chako sangachigwire. Ndinkadziwa zimenezi pomanga.

Ba enjiniya anaseka pang'ono n'kutulutsa sikuludiraiva m'thumba la malaya. Anati kaloko kameneko ndi ka ana, akatsegula bokosi n'kusolola kawaya kamodzi, kiyibodi idzuka. Ankanena zoona. Ndinkadziwanso kuti kutsegula bokosi ndiye kuzimitsa makina, ndipo ndinkaopa kuti disiki imeneyi ikagona mwina sidzukanso.

Apa atate anatenga ndodo yawo. Anaimirira pang'onopang'ono, anakoka mpando wawo mpaka kutsogolo kwa tebulo, anakhala, n'kugoneka ndodo yawo pamwamba pa bokosi la kompyuta, dzanja lili pa ndodoyo.

"Pita ukagule, mwana wanga," anatero. "Ine ndatopa, ndipumako pano."

Ndinayenda msewu wa Mosi-oa-Tunya dzuwa lili paliwombo, mkwiyo usanatsike. Ndinaima pa chitseko cha sitolo ya mabuku kwa mphindi makumi anayi, wogulitsa akundiyang'ana pa galasi uku akudya. Atatsegula ndinagula bokosi lathunthu la madisiketi ndi ndalama yanga ya ndiwo. Pobwerera ndinapeza ba enjiniya atapita, alamu ali pakhomo akusuta, ndipo atate ali pomwe ndinawasiya, ndodo ili pamalo pake, akuwodzera.

Mtima unkafuna kuti ndiyambire fayilo ya 1989, poti ndi imene mayi uja ankaidzera. Ndinadziletsa. Pamenepo ndi pamene panali bala, ndipo ndikanayamba kulimbana napo disiki n'kufera m'manja, zaka zina zonse zikanapita. Ndinayamba ndi zaka zimene zinkawerengeka, chimodzichimodzi. Zambiri zinadutsa mwakachetechete. Ziwiri zinagogoda kamodzi n'kudutsa. Ndikamaliza disiketi ndinkailemba ndi bolopeni n'kuwapatsa atate, iwo n'kuika m'thumba la jekete ngati mazira.

Kenako ndinafika pa 1989. Inayamba bwino, n'kuima. Ko, ko, ko. Yalephera kuwerenga. Ndinadina kuti iyesenso. Nthawi zina disiki yodwala imatha kuwerenga pa ulendo wachitatu kapena wachisanu, ndiye ndinayesa, ndikupemphera pansipansi. Ndinayesa kasanu ndi kawiri. Kugogoda kunayamba kutalika, ndipo ndinaona kuti ndikuipha. Pa mafunso a pa sikirini panali yankho lina, lakuti idumphe povutapo n'kupitiriza. Ndinkadziwa tanthauzo lake: kachigawo kameneko katayika, ndipo sungadziwe kuti muli ndani mpaka utatsegula. Ndinayang'ana atate.

"Pali malo amodzi akukana," ndinawauza. "Ndikadumpha tipulumutsa ena onse, koma amene ali pamenepo atayika."

"Ndi angati?"

"Sindikudziwa. Ochepa."

Atate anati, "Dumpha."

Ndinadumpha. Inagogodanso kamodzi, n'kumaliza kukopera.

Ndinatsegula fayiloyo kuchokera pa disiketi, osati pa disiki yamkati. Januwale analipo, Febuluwale analipo. Ndinatsika mpaka pakati pa chaka, ndipo apo panali zinyalala, tizizindikiro tosadziwika, timitima ndi timabokosi, pamalo pa mizere isanu. Ndinatsika pang'ono. Mzere woyamba wowerengeka pansi pa zinyalalazo unali wa mwana wa mayi uja: dzina lake, mudzi wake, mzere wachisanu ndi chiwiri kuchokera pa mlambe, manda achisanu ndi chitatu kuchokera kunjira. Ndinawerenga mokweza. Atate anavula chipewa.

Ndinasindikiza zaka zonse kawiri pa mapepala a alamu, pirinta ikulira ngati macheka, ndipo sindinapemphe chilolezo. Nditamaliza ndinakoperanso makalata a makasitomala awo, onse amene anawerengeka, chifukwa ndine wamakani koma si woipa mtima. Kenako ndinamasula mfundo ija, ndinaika kiyi pa tebulo.

"Manje chitani kilini," ndinatero.

Ba enjiniya anabwera ataweruka, dzuwa lisanalowe. Ndinatsala dala kuti ndione. Anayamba sikani yawo, timabokosi tinayamba kuyenda, kenako pa tina panayamba kuoneka chilembo B, kutanthauza malo oipa. Kamodzi, kenako tiwiri, kenako mzere wathunthu. Kugogoda kunali kosalekeza. Isanafike ndi pakati pomwe, inaima osasunthanso. Anazimitsa, anayatsa, ndipo makina analemba kuti sakuona disiki iliyonse. Difuragi ija sanafike n'poyiyamba. Bamboyo anamasula tayi, koyamba chimuonereni, ndipo sanandiyang'ane.

Alamu anati ndinaitopetsa ndine ndi kukopera kwanga. Mwina n'zoona kuti ndinaifulumizitsa, sindikana. Koma ine ndinaitopetsa ndikutulutsa zinthu, ndipo madisiketi anali m'jekete la atate.

Loweruka m'mawa tinapita kumanda. Mayi uja anali wamfupi, wowonda, atavala nsapato za pulasitiki, ndipo m'manja anali ndi tsache limene anachoka nalo ku Petauke. Abale ake ananyamula mwala ndi simenti pa wilibala. Atate anaima pa mlambe n'kuyamba kuwerenga mizere ndi ndodo, ine pambuyo ndi pepala. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri tinakhota. Manda oyamba ndi achiwiri anali ndi mayina pa pepala langa. Achitatu mpaka achisanu ndi chiwiri ndi amene anali pa zinyalala zija. Popeza anthu ankaikidwa motsatana, malo awo tinkawadziwa, koma mayina ayi. Atate anali atagona ndi nkhaniyi, ndipo anakumbukira awiri: mayi wina wa ku Katete ndi mwana wa msilikali. Atatu otsalawo anakanika. Anaima pa mtumbira uliwonse, anatseka maso, anapukusa mutu.

Pa manda achisanu ndi chitatu mayiyo anagwada. Sanalire mokweza. Anasisita dothi ndi chikhatho, akumuuza mwana wake kuti wabwera, wachedwa koma wabwera, ndipo mbuzi zija anagulitsa kuti apeze mwalawu. Kenako anayamba kusesa. Atamaliza anayang'ana mitumbira ya pafupi, yopanda mtanda, yomera udzu wouma.

"Nanga anzake agona nawowa ndi a kwa yani?" anandifunsa. "Ndiwapatse moni, amusungira mwana wanga zaka zonsezi."

Ndinayang'ana pepala langa ngati kuti mayina abwerera. Ndinamuuza awiri aja. Za atatuwo ndinati, "Ndi anthu athu, amama, koma mayina anatayika."

"Anatayika bwanji?"

Ndikanatha kunena kuti ndi makina, kapena mvula, kapena alamu. Ndinati, "Ndinachedwa ndine."

Anandiyang'ana. Anatenga tsache lake n'kusesa manda atatuwo, amodziamodzi, mofanana ndi mmene anasesera a mwana wake.

Lolemba ndinapita ku ntchito ngati sindinachotsedwe, ndinakhala pa tayipi ya manja, ndipo alamu sanandithamangitse. Anadzagula disiki ina patapita miyezi iwiri. Pa mapepala a akufa aja, pamalo pa zinyalala, ndinalemba ndi bolopeni mizere itatu yofanana, yosiyana nambala yokha: munthu wathu, mzere wachisanu ndi chiwiri, manda akuti. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunsa aliyense wochokera kum'mawa ngati ali ndi m'bale amene anaikidwa kuno pakati pa chaka chimenecho. Palibe wabwera.

Ndiye alamu akamaseketsa anthu kuti ndinawaphera kompyuta, ndinabisa kiyi m'chitenje ngati mfiti, ine ndimangopitiriza kudya. Za kiyi sindinapepesepo ndipo sindidzapepesa, atandibwezera tsiku lija ndingamange mfundo katatu. Mlandu wanga weniweni iwo saudziwa. Disiki ija inagogoda milungu iwiri ine ndikumva, ndipo ndinaitembenuzira fani.